Ndinafufuta mafoda a ophunzira pamanja: zomwe zinandichitikira ndi mapulofailo akale mu labu ya makompyuta

Ntchito yosamalira labu ya makompyuta pasukulu pathu inandigwera chifukwa yemwe ankaigwira anachoka pakati pa teremu, ndipo akuluakulu anaona kuti ine ndimadziwako za makompyuta. Mu labumo munali makompyuta 30 a ophunzira ndi imodzi ya aphunzitsi kutsogolo, onse a Windows 10, olumikizidwa ku seva ya sukulu. Wophunzira aliyense anali ndi akaunti yakeyake, ndipo akalowa mu labu ankangokhala pa kompyuta iliyonse imene waipeza yopanda munthu. Zimenezi zinakhala zikuchitika kwa zaka zinayi popanda wina woganiza zochotsako kanthu.

Vuto linayamba kuonekera pamene makompyuta anayamba kukana kulandira zosintha za Windows. Ndikatsegula File Explorer, kamzere kosonyeza kudzaza kwa disiki kanali kofiira. Madisiki ake anali a 128 GB, omwe Windows imawaonetsa ngati 119 GB, ndipo pa ena panali patangotsala 2 GB kapena 3 GB. Wophunzira amene sanagwiritsepo ntchito kompyutayo akalowa, ankadikira mphindi zisanu kapena kuposa, sikirini ikungozungulira. Phunziro la mphindi 40 linkathera theka pa kudikira.

Nditatsegula C:\Users pa kompyuta yoyamba ndinapezamo mafoda 214. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti munthu aliyense akangolowa kamodzi kokha pa kompyuta, Windows imamupangira pulofailo yake pa kompyutayo, ndipo pulofailoyo sichokanso yokha ngakhale mwini wake atamaliza sukulu kalekale. Yambiri inali pafupifupi 400 MB iliyonse, koma mukawonkhetsa mafoda 214 mupeza kuti adya 85 GB. Chodabwitsa chinali choti zolemba za ophunzira zenizenizo zinali zochepa kwambiri. Chimene chinkadya malo chinali foda yobisika yotchedwa AppData, momwe mapulogalamu otsegulira intaneti amasungamo zidutswa za masamba omwe munthu anatsegulapo, kuphatikizapo mafoda angapo a Downloads odzaza mavidiyo.

Lachisanu lina madzulo, ophunzira atapita, ndinakhala pansi n'kuchita zomwe zinkaoneka zapafupi. Ndinasanja mafodawo potengera Date modified, n'kusankha onse omwe deti lake linali lopitirira miyezi isanu ndi umodzi, kenako Shift ndi Delete. Windows inandifunsa kangapo za chilolezo cha woyang'anira, ine n'kumangovomera. Mafayilo ena ankakana kuchoka, ndinkangowadumpha. Pofika usiku ndinali nditamaliza makompyuta 12, pafupifupi mafoda 100 pa iliyonse, ndipo kamzere kofiira kaja kanasanduka kabuluu. Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti 18 otsalawo ndidzawamaliza sabata yotsatira.

Lolemba palibe anadandaula chilichonse. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu masana mtsikana wina anabwera pakhomo la labu maso ali ofiira.

"Aphunzitsi, ntchito yanga yonse yasowa. Ndinasunga Lolemba mu Documents, lero mulibe kanthu."

Ndinayamba ndi kumufunsa ngati wakhala pa kompyuta yomweyo. Anati ndi yomweyo, nambala 7, pafupi ndi zenera. Ndinamuuza kuti alowenso ine ndikuona. Atalemba pasiwedi, sikirini inatseguka ili yoyera ngati ya munthu watsopano, ndipo pakona yakumanja pansi panatuluka kauthenga kakuti "You've been signed in with a temporary profile." Iye anakatseka msangamsanga asanakawerenge n'komwe. Nditamufunsa anati kakhala kakutuluka kuyambira Lolemba, ndipo anzake ambiri amangokatseka chifukwa kompyuta imagwirabe ntchito bwinobwino.

Mtima unagunda. Ndinatsegula Command Prompt iye ali chilowere, n'kulemba izi:

```
echo %USERPROFILE%
```

Yankho linali C:\Users\TEMP. Tanthauzo lake n'lakuti Documents yomwe mwanayo ankasungamo ntchito sinali yake. Inali ya pulofailo yongobwereka, yomwe Windows imaitaya munthu akangotuluka mu akaunti. Masamba asanu ndi limodzi a lipoti lake anapita mphindi imene anatuluka Lolemba lija. Pofika Lachisanu, ophunzira 23 anali atabwera ndi nkhani yofananayo. Ena anataya zochepa, koma anayi analemba ntchito zawo kachiwiri kuyambira pachiyambi. Zinandipweteka kwambiri chifukwa anawo sanalakwe kanthu. Anasunga ntchito pamalo pomwe ife tinawaphunzitsa kusunga.

Ndikanadziwa chinthu chimodzi ichi Lachisanu lija, zonsezi sizikanachitika. Pulofailo si foda yokha ayi. Ili ndi mbali ziwiri: foda ija ya mu C:\Users, ndi dzina lolembedwa mu kaundula wa Windows, uja timatsegula ndi regedit. Malo ake ndi awa:

```
HKEY_LOCAL_MACHINE\SOFTWARE\Microsoft\Windows NT\CurrentVersion\ProfileList
```

Pansi pake pali nthambi imodzi ya munthu aliyense amene analowapo pa kompyutayo. Nthambizo sizitchulidwa ndi mayina a anthu, koma ndi nambala yaitali yotchedwa SID, yomwe kwa anthu wamba imayamba ndi S-1-5-21. M'kati mwa nthambi iliyonse muli mzere wa ProfileImagePath wosonyeza komwe kuli foda ya munthuyo. Munthu akamalowa, Windows imayamba yayang'ana mu kaundulamu. Ikapanda kupeza nthambi yake, imadziwa kuti ndi mlendo ndipo imamupangira pulofailo yatsopano pokopera foda ya Default. Koma ikapeza nthambi yonena kuti foda yake ili pakutipakuti, n'kupitako osaipeza, siimutenga ngati mlendo. Imaona kuti china chake chawonongeka, ndiye imamulowetsa mu pulofailo yongobwereka. Ine ndinachotsa mafoda n'kusiya mayina ali mu kaundula, pafupifupi 1,200 pa makompyuta 12.

Chinanso chimene sindinaganizire n'chakuti mu labu yotere deti lakale silitanthauza kuti munthuyo anachoka. Wophunzira amatha kukhala pa kompyuta nambala 7 lero, n'kudzabwererapo patatha miyezi isanu ndi itatu. Pa mafoda omwe ndinafufuta, ambiri analidi a ophunzira omwe anamaliza, koma ena anali a ana omwe anali m'kalasi tsiku lomwelo.

Amene akufuna kutsimikiza kuti vuto lake ndi lomweli atsegule Event Viewer, apite pa Windows Logs kenako Application, n'kufufuza zolembedwa ndi User Profile Service. Nambala 1511 ndi imene imanena kuti Windows yalephera kupeza pulofailo ya munthu ndipo yamulowetsa mu yongobwereka. Mu kaundula namonso muli chizindikiro: nthambi ya munthu amene zamuchitikira kawirikawiri imakhala ndi .bak kumapeto kwa nambala yake. Ndipo ngati mwapeza munthu ali mu pulofailo yotereyi koma sanatuluke, musamulole kutuluka kapena kuzimitsa kompyuta asanakopere ntchito yake pa fulashi kapena pa seva. Ana awiri ndinawapulumutsa chonchi Lachinayi, nditaima pakhomo n'kuuza kalasi yonse kuti aliyense amene waona kauthenga kaja akweze dzanja.

Kukonza kunanditengera madzulo atatu ndi Loweruka lathunthu. Kompyuta yoyamba ndinaikonza pamanja: ndinasunga kaye kope ya ProfileList yonse podina Export, kenako ndinkatsegula nthambi imodziimodzi, kuwerenga ProfileImagePath, kuona ngati fodayo ilipo, ndipo ngati palibe, kuchotsa nthambiyo. Maola awiri anatha pa kompyuta imodzi, maso akuwawa ndi manambala ofanana. Ntchito yotere ndi yoopsa munthu akatopa, chifukwa pamwamba penipeni pa mndandandawo pali nthambi zitatu zazifupi, S-1-5-18, S-1-5-19 ndi S-1-5-20, zomwe ndi za Windows yeniyeniyo ndipo siziyenera kukhudzidwa. Mnzanga wina wogwira ntchito yotereyi pa ofesi ina ndi amene anandionetsa kuti PowerShell, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo, itatsegulidwa ndi mphamvu za woyang'anira, ingandipezere nthambi zamasiyezo kamodzin'kamodzi:

```
Get-CimInstance Win32_UserProfile |
  Where-Object { -not $_.Special -and -not (Test-Path $_.LocalPath) } |
  Select-Object LocalPath, SID
```

Mawu akuti Special amatchinga zitatu za Windows zija, ndipo Test-Path imafunsa ngati foda ilipo. Nditawerenga mndandanda n'kukhutira nawo, ndinkasintha mzere womalizawo kuti ukhale Remove-CimInstance. Zokhala ndi .bak ndinkabwerera kukaziona ndekha mu regedit, ndipo pomwe nambala imodzi inali ndi nthambi ziwiri, ya .bak ndi yopanda, ndinkachotsa zonse ziwiri n'kuyambitsanso kompyuta. Lamuloli silinagwire mafoda omwe ndinawafufuta mwatheka, aja ndinkadumpha mafayilo okana kuchoka, chifukwa kwa Test-Path fodayo inalipo ndithu ngakhale inali chigoba chopanda NTUSER.DAT. Amenewo ndinawasaka paokha. NTUSER.DAT ndi fayilo yobisika yomwe imasunga makonzedwe onse a munthuyo, ndipo pulofailo yopanda fayiloyi singatseguke.

Zitatha izi ndinaphunzira njira yovomerezeka yochotsera pulofailo imodzi. Mumadina Windows ndi R, kulemba sysdm.cpl, kupita pa Advanced, kenako Settings ya pansi pa User Profiles. Pamatuluka mndandanda wa mapulofailo ndi kukula kwake, ndipo batani la Delete limachotsa foda ndi nthambi ya mu kaundula pamodzi. Pa kompyuta ya mu ofesi yokhala ndi anthu asanu kapena khumi, njira imeneyi ndi yokwana, ndipo sindingalangize ina. Koma pa kompyuta ya mapulofailo 200, kazenerako kokha kankatenga mphindi khumi kapena kuposa kuti katseguke chifukwa kamayamba kawerengera kukula kwa iliyonse, ndipo kamalola kuchotsa imodzi yokha pa nthawi. Mmenemo ndinaonamo mizere yambiri yolembedwa Account Unknown. Amenewo ndi mapulofailo a anthu omwe maakaunti awo anachotsedwa kale pa seva. Ndinadzidzimuka pang'ono kuzindikira kuti kuchotsa akaunti pa seva sikuchotsa kanthu pa makompyuta: zithunzi, makalata ndi zolemba za ana omwe anachoka zaka zitatu zapitazo zinali zikadali pamenepo, ndipo aliyense wokhala ndi pasiwedi ya woyang'anira akanatha kuziwerenga.

Makompyuta 18 aja anali akadali odzaza, ndiye ndinafuna njira yachangu. Ndinaganiza zogwiritsa ntchito LastUseTime, deti lomwe PowerShell imaonetsa pa pulofailo iliyonse, kuti ndichotse onse opitirira masiku 180. Lamulo langa silinapeze ngakhale imodzi. Nditayang'ana madetiwo, mapulofailo pafupifupi onse ankaonetsa tsiku limodzi la sabata yapitayo, ngakhale a ophunzira omwe ndinkadziwa kuti anamaliza kalekale. Chifukwa chake n'chakuti si mwini wake yekha amene amakhudza pulofailo. Zosintha za Windows ndi mapulogalamu oteteza ku mavairasi amatha kutsegula NTUSER.DAT ya munthu aliyense, ndipo deti limasuntha ngati kuti munthuyo analowa. Choncho deti la foda linandinamiza kuti anthu omwe alipo anachoka, ndipo deti ili linkandinamiza kuti anthu omwe anachoka akadalipo. Apa ndinayenera kuima n'kuzindikira kuti madeti sangandiuze yemwe ali pasukulu. Sindinaime.

Teremu inali kutha, ine nditatopa, ndipo mu Group Policy, momwe woyang'anira amaikamo malamulo a makompyuta ambiri nthawi imodzi, ndinapeza lamulo lomwe linkaoneka ngati yankho la zonse. Lili pansi pa Computer Configuration, Administrative Templates, System, User Profiles, ndipo dzina lake ndi "Delete user profiles older than a specified number of days on system restart". Mumalemba chiwerengero cha masiku, ndipo kompyuta ikamayambanso imachotsa yokha mapulofailo omwe akhala osagwiritsidwa ntchito masiku oposa pamenepo, foda ndi kaundula womwe, mwaukhondo. Ndinalemba 30. Ndinaliika pa gulu lonse la makompyuta a mu labu tsiku lotsekera sukulu, ndinaonetsetsa kuti makompyuta alilandira, kenako ndinazimitsa zonse n'kukhoma chitseko. Sindinayese ngakhale pa kompyuta imodzi.

Tchuthi chinali cha masabata asanu ndi limodzi, masiku 42. Makompyuta anakhala ozima nthawi yonseyo, kotero panalibe chosintha kapena pulogalamu yokhudza pulofailo ya munthu aliyense. Mmawa wa tsiku lotsegulira ndinayatsa onse n'kudina Restart pa iliyonse monga ndimachitira nthawi zonse tikabwera kutchuthi. Anachedwa kwambiri kudzuka. Atadzuka, madisiki anali ndi malo opitirira 80 GB, ndipo mu C:\Users munangotsala Default ndi Public ndi pulofailo yanga yomwe inali itangopangidwa kumene. Poyamba ndinasangalala. Kenako ndinatembenuka n'kuona kompyuta ya kutsogolo ija.

Inali m'gulu lomwelo la makompyuta a mu labu. Lamuloli lilibe malo olembapo anthu oti lisawakhudze. Silisiyanitsa wophunzira, mphunzitsi kapena woyang'anira, limangowerenga masiku. Mayi wina wophunzitsa za makompyuta ankasunga pa Desktop ya kompyutayo malikisi a ntchito zamanja za makalasi atatu, za materemu awiri. Ndinalowa ndi akaunti yanga n'kutsegula C:\Users manja akunjenjemera. Foda yawo munalibe. Mu Recycle Bin munalibenso, chifukwa pulofailo yochotsedwa mwanjira imeneyi sidutsa mmenemo.

Ndinazimitsa kompyutayo nthawi yomweyo, n'kuchotsa disiki, kukailumikiza pa ina n'kuyesa pulogalamu yobwezeretsa mafayilo ofufutidwa. Inapeza mayina ena a mafayilo, koma ndikawatsegula anali opanda kanthu. Madisiki athu anali a mtundu wa SSD, ndipo pa madisiki amenewa Windows imatumiza lamulo lotchedwa TRIM louza disikiyo kuti malo a mafayilo ofufutidwa ayeretsedwe. Pa madisiki akale ozungulira aja munthu amakhala ndi mwayi ngati wafulumira. Pa awa mwayiwo ndi wochepa zedi.

Ndinapita kukawauza ndekha asanafike mu labu. Ndinawapeza m'chipinda cha aphunzitsi akukonza mabuku.

"Mayi, pepani kwambiri, ndalakwitsa. Zonse zomwe munasunga pa kompyuta ya mu labu zafufutika, ndipo wachititsa ndine."

Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa modekha, "Zonse, achimwene? Ndi malikisi omwe?"

Ndinavomera. Sanakalipe, ndipo kudekha kwawoko kunandilasa kuposa mmene kukalipa kukanachitira. Mwamwayi anali ndi kope ya teremu yoyamba pa fulashi. Za teremu yachiwiri tinazilembanso kuchokera pa mapepala omwe ankalembapo poyesa ana, awiriwiri, iwo akuwerenga ine ndikutayipa, madzulo aliwonse kwa masabata awiri. Malikisi a ntchito imodzi ya kalasi ina sanapezeke pena paliponse, ndipo ana 38 anabwerezanso ntchitoyo. Malipoti a makalasi atatuwo anachedwa kutuluka. Ophunzira nawonso anataya zomwe anasiya pa makompyuta, ndipo sabata yoyamba yonse aliyense ankadikira nthawi yaitali polowa chifukwa mapulofailo onse ankapangidwa mwatsopano.

Lamulo lija palokha si loipa. Limachita zomwe dzina lake likunena. Kulakwa kwanga kunali kulemba masiku ochepa kuposa tchuthi chathu, kuliika pa kompyuta yomwe munthu amaitenga ngati yake, ndi kusachenjeza aliyense. Palinso kanthu kena komwe kamasokoneza anthu poliyesa: limagwira ntchito kompyuta ikayambanso kwenikweni. Ngati Fast Startup ili yoyatsa, kudina Shut down n'kuyatsanso sikufanana ndi Restart, chifukwa Windows imangodzutsa zomwe inagoneka. Munthu akhoza kuganiza kuti lamulo silikugwira, n'kuchepetsa masiku, kenako tsiku lomwe makompyuta adzayambenso zonse n'kupita nthawi imodzi.

Tsopano ndimachita mosiyana, ndipo ndimayambira ku ofesi osati pa kompyuta. Kumapeto kwa chaka ndimapempha mndandanda wa ophunzira ndi antchito omwe achoka, n'kulemba mayina a maakaunti awo mu fayilo imodzi, dzina limodzi pa mzere. Ndimawerenga mndandandawo kawiri, kachiwiriko pamodzi ndi mphunzitsi wa kalasi, chifukwa pamakhala obwereza kalasi ndi ena omwe anangopuma teremu imodzi. Masabata awiri ntchito isanachitike ndimamata chidziwitso pakhomo la labu ndi kulengeza m'makalasi: tsiku lakuti makompyuta ayeretsedwa, chilichonse chosungidwa pa Desktop, Documents kapena Downloads chikopedwe.

Tsiku likafika ndimayamba ndi Restart. Chifukwa chake n'chakuti ana ambiri satuluka mu akaunti, amangodina Switch user kapena kungonyamuka, ndipo pulofailo ya munthu amene sanatuluke imakhala yotsegulabe. PowerShell imaionetsa Loaded ili True, ndipo yotereyo imakana kuchoka. Kenako ndimakopera pa disiki yapadera mafoda a anthu oti achotsedwe. Kwa munthu mmodzi lamulo lake limaoneka chonchi:

```
robocopy C:\Users\dzina D:\kope\pc07\dzina /E /XJ /XD AppData /R:1 /W:1
```

Tizigawo ta kumapetoto tili ndi ntchito. /XJ imaletsa robocopy kutsatira njira zachidule zobisika za mu pulofailo, zomwe zina zimaloza kumbuyo komwe zachokera n'kuchititsa kuti izingozungulira ikupanga mafoda m'kati mwa mafoda. /R:1 ndi /W:1 zimaiuza kuti fayilo ikakana iyesenso kamodzi kokha, chifukwa mukapanda kutero imayesa kokwana miliyoni imodzi, ikudikira masekondi 30 pakati, ndipo mudzaipeza mmawa ili pa fayilo yomweyo. /XD AppData imasiya foda yolemera ija, kotero kope ya kompyuta yonse imakhala yaing'ono. Kwa ophunzira zimenezi n'zokwanira. Kwa aphunzitsi ndi antchito a mu ofesi sindisiya AppData, chifukwa mmenemo ndi momwe mumakhala masamba a intaneti omwe munthu anasunga, ndipo mapulogalamu ena amabisamo makalata ndi zolemba.

Kuchotsa kwenikweni ndimakuchita potengera mndandanda uja:

```
$ochoka = Get-Content D:\ochoka.txt
Get-CimInstance Win32_UserProfile |
  Where-Object { -not $_.Special -and -not $_.Loaded -and
    $ochoka -contains (Split-Path $_.LocalPath -Leaf) } |
  Remove-CimInstance -WhatIf
```

-WhatIf ya kumapetoyo imachititsa kuti lamulo lingonena zomwe likanachotsa popanda kuchotsa kanthu. Ndimawerenga mizere yomwe yatuluka, n'kuyerekeza chiwerengero chake ndi cha mafoda omwe ndakopera. Zikagwirizana ndimachotsa -WhatIf n'kuyendetsanso, pa kompyuta imodzi yokha kaye. Ikamaliza ndimaiyambitsanso, n'kupempha wophunzira mmodzi yemwe pulofailo yake inatsala kuti alowe, ndi wina yemwe sanalowepo pa kompyutayo. Onse awiri akalowa bwino, opanda kauthenga kaja, ndi pamene ndimapita pa makompyuta enawo.

Njirayi ili ndi pomwe imaperewera. Imafananiza dzina la pa mndandanda ndi dzina la foda, ndipo awiriwa safanana nthawi zonse. Windows ikapeza kuti foda ya dzina limenelo ilipo kale, imawonjezera kumapeto dzina la netiweki ya sukulu kapena manambala monga .000, ndipo akaunti ikasinthidwa dzina foda imakhalabe ndi lakale. Zoterezi lamulo langa limazidumpha, zomwe ndimaona kuti n'zabwino kusiyana ndi kuchotsa zolakwika. Ndimadzazimaliza pamanja mu sysdm.cpl. Choopsa kwambiri ndi dzina la akaunti la munthu wochoka likapatsidwa kwa wophunzira watsopano. Chinandichitikirapo kamodzi, ndipo chinagwidwa pa -WhatIf paja chifukwa ndinazindikira dzina la mwana yemwe ndinali nditamuona mu labu dzulo lake.

Lamulo la Group Policy lija ndinalibwezeretsa pa makompyuta 30 a ophunzira okha, ndi masiku 120, omwe amaposa tchuthi chathu chachitali kwambiri ndi mpata wokwanira. Limathandiza kuchepetsa mapulofailo a ana omwe anangokhalapo kamodzi pa kompyuta ina. Ndinayamba kuliika pokhapokha Documents ndi Desktop za ophunzira zitalozedwa ku seva kudzera mu Folder Redirection, kotero kuti pulofailo ikachoka pa kompyuta ntchito ya mwana imakhala ili kwina. Downloads sindinailoze ku seva, ndipo ana amadziwa kuti za mmenemo sizikhalitsa. Kompyuta ya kutsogolo ndinaitulutsa m'gululo n'kuiika m'gulu lakelake lomwe lamuloli silifikako.

Kope zija ndimazisunga teremu imodzi yathunthu pa disiki yokhomedwa m'kabati, kenako ndimazifufuta, chifukwa ndi zinthu za ana a eni ndipo sindiyenera kukhala nazo mpaka kalekale. Chaka chathachi anabwera awiri kudzafunsa: mnyamata wina yemwe anamaliza sukulu ankafuna kalata yomwe analemba yofunsira malo ophunzira, ndipo ndinaipeza mu kope ya kompyuta nambala 19 pasanathe mphindi zisanu. Winayo anabwera patatha miyezi isanu, disiki nditaiyeretsa kale, ndipo ndinamuuza zoona kuti palibe. Kuyeretsa labu yonse tsopano kumanditengera tsiku limodzi ndi theka, ndipo makompyuta amatsala ndi mapulofailo pakati pa 40 ndi 60 iliyonse.